Mmene Mungakanire Kontrakitala Wofuna Ndalama za Kutalika kwa Ntchito

Inu amene mwangoyamba kumene ntchito mu ofesi ya injiniya kapena ya owerengera mitengo ya zomangamanga, dziwani kuti kalata yovuta kwambiri kulemba pa ntchito yathuyi ndi yokana. Kontrakitala waonjezeredwa masiku, ndiye wabwera ndi fayilo yonenepa, akuti popeza ntchito yatalika, mwini ntchito amubwezere zonse zimene wawononga pokhalitsa pa saiti. Bwana akuponyerani fayiloyo n'kunena kuti, "Ayankheni awa, akufuna kutidyera." Mukatengeka ndi mawu amenewo mudzalemba mizere itatu yokha, yakuti pempho lakanidwa chifukwa lilibe maziko, ndipo tsiku limenelo mudzaoneka munthu wolimba. Koma kalata yotere sithera m'manja mwa kontrakitala. Nkhani ikakula idzawerengedwa ndi woweruza mikangano amene sanapondepo pa saiti yanu, sakudziwani, ndipo chimene ali nacho ndi mapepala basi. Polemba, muzikhala mukulembera munthu ameneyo.

Ndiyankhula za kontrakiti ya FIDIC, buku lofiira la 1999, chifukwa ndi limodzi mwa mabuku amene mungakumane nawo pa ntchito zikuluzikulu za misewu, madzi ndi nyumba za boma. Musanalembe chilichonse tsegulani kaye gawo la mfundo zapadera za kontrakiti yanuyo, chifukwa eni ntchito amakonda kusintha masiku ndi mphamvu za injiniya, ndipo zimene ndinene pano zikhoza kukhala zitasinthidwa kumeneko.

Tiyerekeze ntchito yomanga nyumba ya maofesi ya nsanjika ziwiri. Mtengo wake ndi K2.4 biliyoni, nthawi yake ndi masabata 52. M'bilu ya ntchito, gawo loyamba lija la mapulelimu, lomwe ndi ndalama zoyendetsera saiti osati zogulira simenti kapena njerwa, lili ndi K312 miliyoni. Ntchito yachedwa, ndipo injiniya wavomereza kale kuonjezera masabata 14. Kontrakitala watenga K312 miliyoni n'kugawa ndi 52, wapeza K6 miliyoni pa sabata, wachulukitsa ndi 14, yakwana K84 miliyoni. Pamwamba pake waika K52 miliyoni ya ndalama zoyendetsera likulu la kampani yake. Zonse pamodzi akufuna K136 miliyoni. Masamu ake ndi aukhondo, palibe pamene walakwitsa pochulukitsa, ndipo n'chifukwa chake achinyamata ambiri amangowayang'ana kukamwa kuli yasa. Vuto lili pa zimene wachulukitsazo.

Yambani ndi wotchi. Ndime 20.1 imapatsa kontrakitala masiku 28 kuchokera pamene anadziwa, kapena pamene anayenera kudziwa, za chinthu chomuchedwetsa, kuti apereke notisi. Akapanda kutero, masiku ndi ndalama zomwe zimamuthawa. Pempho lenileni lokhala ndi tsatanetsatane liyenera kufika pasanathe masiku 42. Inunso muli ndi masiku 42 oti muyankhe mutalandira pempholo, kuvomera kapena kukana, ndipo mukakana mupereke zifukwa zatsatanetsatane. Mukhoza kupempha mapepala ena, koma zimenezo sizikuchotserani udindo woyankha pa mfundo za pempholo m'masiku omwewo. M'buku la 2017 nkhaniyi inasamukira ku ndime 20.2 ndipo masiku a pempho latsatanetsatane anakhala 84, koma masiku 28 a notisi sanasinthe. Ndime yoyamba ya kalata yanu itchule masiku amenewa mmodzimmodzi: chochitikacho chinayamba liti, notisi inabwera liti ndipo nambala ya kalata yake ndi iti, pempho linafika liti. Ngati notisi inachedwa, nenani. Koma musakangamire pamenepo ngati kuti ndi pothera nkhani. Pa mlandu wa kampani ya Obrascon ndi boma la Gibraltar mu 2014, Woweruza Akenhead ananena kuti notisi ya ndime 20.1 siyenera kukhala ya maonekedwe apadera, bola ikhale yolembedwa, ifotokoze chochitikacho ndipo izioneka kuti ndi pempho, komanso kuti ndi mwini ntchito amene ayenera kuonetsa kuti inachedwa. Zigamulo za ku Ingalandi sizimanga makhoti athu, koma amazimvera, ndipo oweruza mikangano ya zomangamanga amazidziwa pamtima. Choncho ngakhale mukukhulupirira kuti notisi inachedwa, pitirizani kuyankha masamuwo, mukunena poyera kuti kutero sikutaya mfundo yanu ya notisi.

Tsopano masabata 14 aja. Apa ndi pamene kontrakitala amafuna kuti muwoloke mwachangu osayang'ana pansi. Kupatsidwa masiku si kupatsidwa ndalama. Ndime 8.4 imangopereka nthawi, ndipo phindu lake kwa kontrakitala n'lakuti salipitsidwa chindapusa chochedwetsa ntchito pa masiku amenewo. Ndalama zimafuna ndime yakeyake imene ikunena kuti pa chochitika chakutichakuti iye alipidwe. Ndiye tengani kalata zimene munaonjezera nazo masiku ndipo muphwanye masabatawo malinga ndi chimene chinawabweretsa.

Pa ntchito yathuyi, masabata 5 anabwera chifukwa cha mvula yoposa muyeso. Buku lofiira limapereka masiku pa nyengo yoipa mopitirira, koma palibe ndime imene imapereka ndalama pa chifukwa chimenechi. Mwini ntchito sanagwetse mvula, kontrakitalanso sanaigwetse, ndiye aliyense amasenza wake katundu: uyu wataya nthawi, uyo wataya ndalama. Masabata 5 amenewo achoka. Masabata 3 anabwera chifukwa mwini ntchito anaonjezera thanki ya madzi ndi mpanda wa njerwa. Ntchito yoonjezerayo inawerengedwa mtengo ndi kulipidwa, ndipo mukatsegula mmene mtengowo unamangidwira mupeza kuti kontrakitala anaikamo kale gawo la kapitawo, galimoto ndi alonda pa nthawi ya ntchitoyo. Kumulipiranso kungakhale kulipira kawiri, ndipo kalata itchule nambala ya chikalata cha kusintha kwa ntchitocho ndi mzere umene ndalamazo zikuoneka. Chenjerani, si nthawi zonse pamene mtengo wa ntchito yoonjezera umakhala ndi gawo limeneli. Ngati mulibe, musanene kuti lilimo.

Atsala masabata 6, ndipo amenewa ndi a mbali yathu. Mapulani a zitsulo za fandeshoni anachedwa kutuluka, kuyambira sabata lachisanu mpaka lakhumi. Ndime 1.9 imati zikatero kontrakitala apatsidwe masiku, ndalama zimene wawononga, ndi phindu loyenera. Lembani zimenezi m'kalata mosabisa. Ndikudziwa kuti zimawawa, makamaka pamene mapulaniwo anachedwera mu ofesi yanu yomweyo, koma kalata imene ikuvomera chimene chili choona imapangitsa woweruza kukhulupiriranso pamene ikukana. Komanso ndime 3.5 imalamula injiniya kuti akambirane ndi mbali zonse ziwiri, ndipo zikalephera kugwirizana agamule mwachilungamo. Amene amakulipirani ndi mwini ntchito, inde, koma pa kalata iyi simuli loya wake.

M'kati mwa masabata 6 amenewo muli awiri oyamba amene kontrakitala sakanathira konkire ngakhale mapulani akanakhalapo, chifukwa makina ake okumbira anali atafa ndipo maenje a fandeshoni anali asanathe. Dayale ya kalaliki wa pa saiti ikunena zimenezi tsiku ndi tsiku. Kuchedwa kwa mbali ziwiri pa nthawi imodzi ndi nkhani yokanganitsa, ndipo buku la 1999 silinenapo kanthu. Ambiri amatsamira pa malangizo a bungwe la Society of Construction Law a kuchedwa ndi kusokonekera kwa ntchito, amene anatuluka koyamba mu 2002 n'kukonzedwanso mu 2017. Malangizowa si gawo la kontrakiti yanu pokhapokha ngati inawatchula, choncho muwagwiritse ntchito ngati umboni wa mchitidwe wovomerezeka, osati ngati lamulo. Mfundo yawo ndi yakuti kontrakitala apatsidwe masiku, koma ndalama alandire pokhapokha ataonetsa kuti sakanaziwononga pakanapanda kuchedwa kwa mwini ntchito. Pa masabata awiriwo akanakhalabe pa saiti kudikira makina ake. Ndiye pa masabata 14, oyenera kukambirana za ndalama ndi 4.

Tifike pa K6 miliyoni pa sabata, pomwe pali mtima wa kalatayi.

Tsegulani bilu ya mapulelimu ndipo muyende mzere ndi mzere ndi pensulo, mukudzifunsa funso limodzi: kodi ntchito ikatalika ndi sabata, ndalama iyi ikwera? Kubweretsa makontena a ofesi, kumanga mpanda wa malata, kulumikiza magetsi ndi madzi, kuimika chikwangwani cha pulojekiti, zonsezi zinachitika kamodzi pachiyambi, ndipo pa chitsanzo chathu ndi K70 miliyoni. Kuphwasula, kusesa ndi kusamuka pamapeto ndi K22 miliyoni, ndipo zidzachitika kamodzi ngakhale ntchito ichedwe chaka. Kenako pali zimene zimayendera kukula kwa ntchito kapena gawo linalake la ntchito: kuyeza makyubu a konkire ku labu, sikafodi ya pulasitala, makina okwezera katundu pamwamba, ndi mtengo woyamba wa inshulansi ndi bondi. Zimenezi ndi K90 miliyoni. Nambala ya makyubu sichuluka chifukwa mapulani anachedwa, ndipo sikafodi inali isanafike n'komwe pamene anthu anali m'maenje. Zotsala, zimene zimayendadi ndi nthawi, ndi malipiro a woyang'anira saiti, kapitawo, wosunga sitolo ndi alonda, galimoto, jenereta, lendi ya makontena ndi mabilu a mwezi ndi mwezi. Zimenezi ndi K130 miliyoni, yomwe ndi K2.5 miliyoni pa sabata. Ngakhale titatsata njira ya kontrakitalayo, K6 miliyoni yatsika kufika pa K2.5 miliyoni, ndipo pa masabata 4 ndi K10 miliyoni, osati K84 miliyoni. Inshulansi ndi bondi zikhoza kukweradi ngati anazitalikitsa, koma zikatero banki ndi kampani ya inshulansi zimatulutsa inivoisi, ndipo inivoisiyo ndiyo ibwere.

Tebulo la kagawidwe kameneka liikeni kumapeto kwa kalata. Koma samalani kwambiri ndi K10 miliyoniyo. Musailembe ngati kuti ndi imene mukupereka. Lembani kuti mwaonetsa masamu amenewa pongofuna kusonyeza kuti pempholo silikuima ngakhale pa miyendo yakeyake, ndipo simukuvomereza njirayo. Mukapanda kutero, kalata yotsatira ya kontrakitala idzayamba ndi kuthokoza kuti mwavomera K10 miliyoni, ndipo mkangano udzayambira pamenepo kupita m'mwamba.

Njirayo ndi yolakwika chifukwa bilu ndi mtengo, si ndalama yowonongedwa. Mitengo ya m'bilu ndi imene kontrakitala analemba pa nthawi ya tenda, akupikisana ndi anzake. Ena amanenepetsa mapulelimu dala kuti alandire ndalama zambiri m'miyezi yoyamba, ena amawaondetsa n'kubisa ndalamazo m'mitengo ya konkire ndi njerwa, ndipo pafupifupi onse amaikamo phindu. Kontrakiti ikamanena za ndalama zobwezera, pa ndime 1.1.4.3, imatanthauza zimene kontrakitala wawonongadi moyenera, pa saiti kapena kunja kwake, popanda phindu. Phindu limabwera padera, pa ndime zokhazo zimene zalitchula, monga 1.9 ija. Zili ngati munthu amene mwamutuma ku msika: pobwera simumubwezera ndalama imene ankaganiza kuti awononga asananyamuke, mumamubwezera imene watulutsa m'thumba. Pokhapokha ngati kontrakiti yanu ili ndi mtengo wa pa sabata umene mbali zonse zinagwirizana kale kuti ndiwo uzigwira ntchito ikatalika, bilu siingalowe m'malo mwa malisiti.

Pali kulakwa kwina kumene ngakhale akuluakulu amachita. Amaganiza kuti ndalama za kutalika kwa ntchito ndi za masabata oonjezera a kumapeto, kuyambira la 53 mpaka la 66. Ayi. Zimawerengedwa pa nthawi imene kuchedwako kunaluma, ndipo kwa ife ndi sabata lachisanu ndi chiwiri mpaka lakhumi. Masabata amenewo ndiwo anatayika. Ntchito yomalizitsa ya kumapeto ikanachitikabe ndi anthu omwewo, kungoti ikanachitika msanga. Ndiye funso ndi lakuti pa saiti panali ndani ndi chiyani m'masabata anayiwo. Lipoti la mwezi limene kontrakitala yekha anapereka likuonetsa woyang'anira saiti mmodzi, kapitawo mmodzi, alonda anayi, pikapu imodzi, jenereta ndi makontena awiri. Wachiwiri kwa woyang'anira, woona za chitetezo cha antchito ndi galimoto yachiwiri, amene ali m'mapulelimu, anabwera miyezi ingapo pambuyo pake. Mfundo imeneyi imadula mbali zonse. Kuchedwa kukanagwa pakatikati pa ntchito, saiti itadzaza, ndalama yeniyeni pa sabata ikanaposa K2.5 miliyoni, ndipo mukanayenera kuivomera. Musaigwiritse ntchito pokhapokha pamene ikukukomerani.

Makina amafuna diso lapadera. Kontrakitala amakonda kulemba makina ake omwe pa mtengo wa hayala wa pa msika, tsiku lililonse, ngati kuti akugwira ntchito. Makina obwereka ali ndi inivoisi ndi mapepala osainidwa a maola. Makina ake a iye mwini akangoima samwa dizilo ndipo matayala sakutha, chimene wataya ndi kutsika kwa mtengo wake, inshulansi, ndi chiwongoladzanja ngati anawagula pa ngongole. Funsaninso buku la pa geti. Si zachilendo kupeza kuti mikisa imene akuti inaima masabata anayi inatuluka Lachiwiri la sabata loyamba kupita ku saiti ina ya kampani yomweyo.

K52 miliyoni ya likulu musaitayire masamba ambiri. Inachokera ku fomula ya Hudson: watenga 8 peresenti imene akuti anaika mu tenda, wachulukitsa ndi K2.4 biliyoni, wagawa ndi 52, wachulukitsa ndi 14. Fomula imangoyeza kukula kwa chotayika, siitsimikiza kuti china chake chinatayika. Ayenera kuonetsa kaye kuti kukhalitsa pa saiti yanu kunamulepheretsa kutenga ntchito ina imene ikanathandiza kulipira lendi ndi malipiro a ku likulu: matenda amene anaitanidwa n'kukana chifukwa anthu ake anali omangika, ndi mabuku a kampani ofufuzidwa ndi maodita. Hudson ali ndi chilema chinanso, chakuti mtengo wa kontrakiti umene akuchulukitsawo uli kale ndi ndalama za likulu ndi phindu m'kati mwake, choncho zimawerengedwa kawiri. N'chifukwa chake malangizo a 2017 aja sakonda fomula imeneyi, ndipo amati ngati palibe njira ina, ya Emden kapena ya Eichleay ndiyo yabwinoko. Ndime imodzi yonena zimenezi yakwana. Ngati m'pempholo wazembetsamo kukwera mtengo kwa simenti ndi zitsulo, monga ambiri anachitira kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, muuzeni kuti nkhani imeneyo ili ndi khomo lake pa ndime 13.8 ngati kontrakiti inaitsegula, ndipo aibweretse padera ndi umboni wake.

Tsopano za mapepala osowa, pamene makalata ambiri amafookera. Chiganizo chakuti "kontrakitala sanapereke umboni wokwanira" chilibe ntchito. Iye adzayankha kuti anapereka masamba mazanamazana, ndipo adzakhala akunena zoona, ngakhale theka la masambawo ndi makope a kontrakiti ndi zithunzi zopanda deti. Tchulani chosowa chilichonse ndi dzina lake, nthawi yake, ndi mzere wa pempho umene chikuyenera kuchirikiza. Mwachitsanzo, ndime ya kalatayo inene motere: "Pa malipiro a woyang'anira saiti ndi kapitawo a sabata 7 mpaka 10, sitinalandire peyirolo, umboni wa ku banki wosonyeza kuti analipidwa, kapena buku losainira pofika pa ntchito. Pa pikapu sitinalandire logibuku ndi malisiti a mafuta. Zolemba za antchito ndi makina zimene ndime 6.10 imafuna mwezi uliwonse sizinaperekedwe pa mwezi wachiwiri wa ntchito, ndipo tinakukumbutsani pa msonkhano wa pa saiti wachitatu, monga zikuonekera m'maminitsi ake." Munthu wowerenga ndime yotere amadziwa nthawi yomweyo chimene chikusowa ndi chifukwa chake simungawerengere ndalamazo popanda icho.

Kontrakiti ili kumbali yanu pa zimenezi. Ndime 20.1 imalamula kontrakitala kusunga zolemba za pa nthawi yomweyo zochirikiza pempho lake, ndime 4.21 imafuna lipoti la mwezi ndi mwezi, ndipo ndime 8.3 imafuna pulogalamu ya ntchito yokonzedwanso ikasiyana ndi zimene zikuchitika. Zolemba za pa nthawi yomweyo ndi zimene zinalembedwa chinthucho chikuchitika kapena chitangochitika kumene. Pa mlandu wa boma la zilumba za Falkland ndi kampani ya Gordon Forbes mu 2003, womwe unali wa buku lakale la FIDIC, khoti linagamula kuti umboni wa anthu wolembedwa pambuyo pake sungalowe m'malo mwa zolemba zotere, ungangothandiza kuzifotokoza. Choncho kontrakitala akakubweretserani kalata ya kapitawo yolembedwa mwezi watha, yonena kuti akukumbukira kuti anthu onse analipo, mukhoza kunena mwaulemu kuti si imene kontrakiti ikufuna. Muzitha kuzindikiranso dayale yolembedwa usiku umodzi: cholembera chimodzi masamba onse, dzanja losatopa, pepala loyera lopanda fumbi kapena dontho la madzi, ndipo nthawi zina anthu ali pa ntchito tsiku la tchuthi cha boma pamene geti inali yotseka. Mukaona zotere musalembe kuti ndi chinyengo. Lembani kuti pa tsiku lakuti dayale ya kontrakitala ikunena anthu 22 pamene ya kalaliki wathu ndi buku la pa geti zikunena kuti saiti inali yotseka, ndipo mumupemphe afotokoze kusiyanako. Mawu a chinyengo ndi olemera, ndipo mukalephera kuwatsimikiza amakugwerani inuyo.

Koma kusowa kwa mapepala kuli ndi malire ake, ndipo muwadziwe. Chimene chimapha pempho lonse ndi notisi yochedwa yokha. Zolephera zina zonse, ndime 20.1 imati ziganiziridwe molingana ndi mmene zalepheretsera kapena kusokonezera kufufuza pempholo. Ndime yomweyo imatinso gawo limene kontrakitala watha kulitsimikiza lilipidwe, osadikira kuti zonse zikwane. M'fayilo yathu ija muli mainivoisi a kampani ya alonda, a hayala ya jenereta ndi a lendi ya makontena, ndipo zimenezi zikugwirizana ndi dayale ya kalaliki. Zikukwana K900,000 pa sabata, yomwe ndi K3.6 miliyoni pa masabata 4. Ndalama imeneyo, ndi phindu limene ndime 1.9 ikuloleza, iikeni mu satifiketi yotsatira. Bwana mwina adandaula kuti mwatsegula chitseko. Muwauze kuti kukana ndi K3.6 miliyoni yomwe, pamene umboni wake uli m'manja mwathu, ndiko kumene kungapatse kontrakitala chonena pamaso pa woweruza, kuti injiniya sanawerenge n'komwe fayilo. Ndipo woyang'anira saiti uja analipodi, tonse tinkamuona, ndiye peyirolo ikabwera malipiro ake adzalowa.

Musadalirenso kunena kuti pempholo ndi la mtolo umodzi, losasiyanitsa chochitika ndi ndalama yake, ndiye lagwa lonse. Pa mlandu wa Walter Lilly ndi Mackay mu 2012, Woweruza Akenhead yemweyo ananena kuti pempho lotere silikanidwa chifukwa chongokhala la mtolo, ngakhale kontrakitala amakhala ndi ntchito yaikulu kuti alitsimikize, ndipo ngati gawo lina lapezeka kuti si la mwini ntchito likhoza kungochotsedwa. Nenani kuti ndi la mtolo, koma masulani mtolowo nokha monga tachitira pamwambapa.

Fufuzaninso nyumba yanu musanaloze ya mnzanu. Ndime 20.1 imalola injiniya, akangolandira notisi, kuyendera zolemba za kontrakitala ndi kumulamula kusunga zina, popanda kuvomera kuti mwini ntchito ali ndi mlandu. Ngati ofesi yanu inalandira notisi n'kungoiika m'fayilo, kudandaula kwanu za mapepala osowa kumapepuka. Tsiku limene notisi yafika, tumizani kalata yaifupi yopempha kuti mndandanda wa anthu ndi makina oima uzisainidwa tsiku lililonse ndi kapitawo wawo pamodzi ndi kalaliki wanu. Pepala limodzi pa tsiku, masiginecha awiri, ndipo theka la mkangano wa mtsogolo latha.

Kalembedwe kake kakhale kozizira. Ndime zikhale ndi manambala kuti woyankha azitha kuloza. Mfundo iliyonse ikhale ndi ndime ya kontrakiti ndi pepala loichirikiza. Chotsani mawu onse ofotokoza khalidwe la munthu, monga kuti kontrakitala ndi wadyera kapena wosalongosoka, ngakhale pamene mumtima mukudziwa kuti ndi zoona. Musalowetsemo madandaulo ena a pa saiti, za pulasitala yokhota kapena antchito osavala zipewa, chifukwa zimenezo zili ndi makalata ake. Chigamulo chikhale poonekera, pafupi ndi chiyambi komanso pa ndime yotsiriza: pa K136 miliyoni yopemphedwa, K3.6 miliyoni ndi phindu lake yatsimikizidwa, masabata 10 alibe ndalama pa zifukwa zatchulidwa, njira yogawa mapulelimu ndi masabata yakanidwa, ndipo zotsala za masabata 4 zidzaunikidwanso mapepala otchulidwawo akafika. Perekani tsiku lenileni loti afike, masiku 14 kapena 21, ndipo muitane mbali zonse ziwiri ku msonkhano wokambirana umene ndime 3.5 imafuna musanagamule komaliza. Nenaninso ngati kalatayi ndi yankho la ndime 20.1 chabe kapena ndi chigamulo cha ndime 3.5, chifukwa kontrakitala wosakhutira adzapita nacho ku komiti yoweruza mikangano ya ndime 20.4, imene ili ndi masiku 84 oti igamule.

Kalata ikasainidwa, itumizeni pa adiresi ndi njira imene kontrakiti inatchula pa ndime 1.3, kope lipite kwa mwini ntchito, ndipo mesenjala abwere ndi siginecha, sitampu ndi deti la wolandira. Uthenga wa pa WhatsApp kwa kapitawo si kutumiza. Werengani masiku 42 anu kuyambira tsiku limene pempho linalandiridwa pa ofesi, osati tsiku limene fayilo inafika pa desiki yanu, ndipo deti lomalizalo mulilembe pachikuto cha fayiloyo lero lomwe.